Nsungu za thukuta pa khanda kuno ku Joni: chiyambi chake ndi kachizidwe kake

Okutobala akafika ku Johannesburg, mvula isanagwe, amayi ambiri amayamba kuona tinsungu ting'onoting'ono m'khosi mwa mwana, pachifuwa, pamsana ndi pamphumi pomwe pamathera chipewa. Mwana amene ankagona bwino amayamba kudzikhula pabedi, kulira pomuveka, kusiya bere n'kuligwiranso. Nthawi zambiri zimenezi ndi nsungu za thukuta, zomwe madokotala amazitchula kuti miliyariya. Si matenda opatsirana, sizichokera mu mkaka wa m'mawere, ndipo sizisonyeza kuti mayi ndi wauve. Zimatha zokha m'masiku awiri kapena atatu khungu likazizira ndi kuuma. Chondidetsa nkhawa n'chakuti zambiri zimene timachita pofuna kuthandiza mwanayo, kumupaka mafuta, kumuthira paudala, kumufunditsa kuti mphepo isamuwombe, ndi zomwe zimazikulitsa.

Munthu akhoza kudabwa kuti vutoli likuchulukiranji mumzinda umene si wotentha kwenikweni. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Mu Januwale masana kumatentha pafupifupi madigiri 26, usiku kumatsika kufika cha m'ma 15, ndipo mpweya wa kuno ndi wouma kusiyana ndi wa kunyanja kwathu. Wokulira ku Nsanje kapena ku Chikwawa, komwe Okutobala ndi Novembala amafika madigiri 40, sangakuuzeni kuti ku Joni kumatentha. Koma khungu la mwana silimva nyengo ya mzinda wonse. Limamva kutentha kwa m'chipinda chimene wagonamo, ndiponso kampweya kamene katsekeredwa pakati pa thupi lake ndi nsalu. Chipinda cha kuseri kwa nyumba, cha malata opanda siling'i, kapena mkuku wa ku Diepsloot, chimatentha kuposa panja dzuwa likakhala paliwombo. Fuleti ya ku Hillbrow kapena ku Yeoville yogawidwa ndi makatani, momwe mabanja angapo amaphikira pa sitovu imodzi mawindo ali otseka poopa akuba, imasunga kutentha ndi nthunzi mpaka pakati pa usiku.

Chimene chimachitika m'khungu

Thukuta limapangidwa ndi timagwero ting'onoting'ono tokhala m'kati mwa khungu, ndipo kagwero kalikonse kali ndi kanjira kopyapyala kotulutsira madziwo pamwamba. Munthu amabadwa ndi timagwero take tonse, mamiliyoni awiri kapena kuposerapo, ndipo sitiwonjezekanso pamene akukula. Ndiye kuti pa khanda tonseto tathithikana pa thupi laling'ono, pamene tinjira take sitinakhwime. Khungu likakhala lonyowa nthawi yaitali, chikopa chake cha pamwamba chimafufuma, n'kutseka pakamwa pa tinjira tija pamodzi ndi litsiro la khungu lakufa, mafuta odzola ndi tizilombo tomwe timakhala pakhungu la munthu aliyense. Kagwero ka pansi sikadziwa kuti njira yatsekeka, kamangopitiriza kupanga thukuta. Zimakhala ngati paipi ya madzi yotsekeka kumapeto mpopi uli wotsegula: imang'ambika pamene yafooka, madzi n'kulowerera m'mbali. Thukuta lolowerera m'khungu limenelo ndilo limatupitsa kansungu.

Maonekedwe a nsungu amadalira pamene kanjirako katsekekera. Kakatsekekera pamwamba penipeni, pamatuluka timatuza toyera mbee, ta milimita imodzi kapena awiri, toti ukhoza kuyesa ndi timadontho ta madzi totsalira posamba. Timeneti timaoneka kwambiri pa makanda a masabata oyambirira, pamutu, m'khosi ndi pachifuwa. Sitiyabwa, timaphulika tokha, khungu n'kufunduka pang'ono, basi. Kakatsekekera pansi pang'ono, thupi limakwiya ndi thukuta lolowa malo osayenera, ndipo pamatuluka tinsungu tolimba, ta mamilimita awiri mpaka anayi, toyabwa ndi kulasalasa. Mtundu umenewu ndi umene umasowetsa mwana tulo. Nthawi zina timitu take timayera ngati muli mafinya. Palinso mtundu wina wozama kwambiri, koma umapezeka makamaka pa akuluakulu amene adwala nsunguzi mobwerezabwereza m'madera otentha, kotero sitiutaira nthawi.

Pali chinthu chimodzi chimene zithunzi zambiri za pa intaneti sizitithandiza nacho. Zimaonetsa tinsungu tofiira pa khungu loyera, mayi n'kumafunafuna kufiirako pa mwana wake osakupeza. Pa khungu lakuda kufiira sikuonekera bwino. Tinsunguto timaoneka totuwa, kapena toderapo kuposa khungu lozungulira, kapena tamtundu wa khungu lomwelo. Dzanja limazindikira msanga kuposa maso. Muikeni mwana pafupi ndi khomo kapena windo masana, kuwala kukuchokera m'mbali, ndipo yendetsani chala pang'onopang'ono pamsana pake: mumva khungu lokakala, tinsungu tofanana kukula titaunjikana malo amodzi. Kenako onani malowo. Nsungu za thukuta zimatsata nsalu ndi mapindi a thupi: m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, kuseri kwa mawondo, pansi pa lamba wa thewera, ndi mbali imene mwana amagonera. Kumene mphepo imafika kumakhala kosalala.

Tiyerekeze ndi mwana mmodzi

Taganizirani mwana wa miyezi inayi, wonenepa bwino, wokhala ndi makolo ake m'chipinda chimodzi cha kuseri ku Rosettenville. Denga ndi la malata, windo ndi limodzi. Amayi ake amagwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzinda, ndipo amanyamuka m'mawa kuli kachisisira. Amamusambitsa, kumudzoza vaselini thupi lonse mpaka kunyezimira, kumuveka thewera la pulasitiki, vesiti, kamalaya kotseka mpaka kumapazi, juzi, sokosi ndi chipewa chaubweya. Amamubereka ndi chitenje, pamwamba n'kumangapo bulangete lija lofewa la nayiloni limene timagula m'mashopu a m'tauni. Pa 6 koloko m'mawa zonsezi zikuoneka zoyenera. Koma akafika pa renki n'kuima pamzere, kenako kulowa m'takisi yodzaza mawindo ali otseka, chifuwa ndi mimba ya mwanayo zagundana ndi msana wa amayi ake womwenso ukutuluka thukuta, ndipo kumsana kwake kuli nsalu zisanu. Akamafika kwa mayi womulera, vesiti yanyowa. Palibe amene akuivula, poti kunja kwake juzi ndi youma. Mwanayo agona nayo mpaka masana.

Madzulo amayi ake akupeza nsungu pachifuwa, m'khosi ndi pamphumi. Akuimbira apongozi awo kumudzi pa foni ya kanema, ndipo agogowo, poona mdzukulu ali ndi thewera lokha, akuti, "Amake mwana, mufunditseni msanga mwanayo, kumeneko n'kozizira, adwala chibayo." Mnzawo wa chipinda choyandikana naye akubwera ndi kachubu ka mafuta: "Asisi, pakani awa, ine anandithandiza m'masiku awiri okha." Onsewo akulankhula mwa chikondi. Koma agogo akuopa chinthu chimene sichibwera ndi kamphepo ka m'chipinda, poti chibayo chimayamba ndi tizilombo tolowa m'mapapo. Ndipo kachubu kaja, tikakawerenga, nthawi zambiri kamakhala ka mankhwala amphamvu osayenera khanda, omwe ndiwatchula pansipa.

Chimene chingathetse vuto la mwanayu si mankhwala, ndi kusintha tsiku lake. M'mawa avale thewera, vesiti ya thonje ndi chovala chimodzi chopepuka pamwamba. Msana wa mayi uwerengedwe ngati chofunda, chifukwa umatenthetsa kuposa juzi. Chitenje chokha chikwanira kumubereka, ndipo bulangete likhale m'chikwama, lotulutsa kukazizira ndi kuchotsa polowa m'takisi. M'takisimo mwana atsitsidwe kumsana, akhale pamiyendo, chipewa chivulidwe. M'chikwama mukhale mavesiti awiri apadera, ndipo womulera auzidwe momveka: "Amayi, vesiti ikanyowa muzimusintha pompo, musadikire nthawi yosamba." Vaselini asiyidwe kaye pachifuwa, pamsana ndi m'khosi. Zikatsatidwa zimenezi, usiku woyamba mwana amagona bwinoko, tsiku lachiwiri sipatulukanso zatsopano, ndipo lachitatu zakale zimayamba kuphwa, khungu likufunduka pang'ono. Timadontho toderapo tikhoza kutsala kwa masabata angapo pa khungu lakuda. Timeneto timazilala tokha, tisapakidwe chilichonse choyeretsa.

Kudziwa ngati mwana watenthedwa

Ambiri timagwira manja ndi mapazi a mwana, tikamva kuzizira n'kuwonjezera chofunda. Manja ndi mapazi a khanda amakhala ozizirirapo ngakhale thupi lili bwinobwino, chifukwa magazi ake sayenda kwambiri kumapeto kwa ziwalo. Malo oyenera kugwira ndi kumbuyo kwa khosi kapena pachifuwa, dzanja litalowa m'kati mwa zovala. Pakakhala pofunda ndi pouma, zili bwino. Pakakhala potentha, ponyowa kapena pomata, chotsani chovala chimodzi, mugwirenso pakapita mphindi 10. Tsitsi lonyowa kunkhongo ndi chizindikiro china chosanama.

Pali lamulo lakale lakuti mwana avale chovala chimodzi kuposa chimene mwavala inu. Limagwira ntchito m'nyengo yozizira. Masana a Novembala m'chipinda cha malata, pamene inu mwatsala ndi chitenje chokha, mwana akhale ndi thewera ndi vesiti, kapena thewera lokha. Chipewa n'cha panja. M'nyumba, makamaka pogona, chivulidwe, poti khanda limatulutsira kutentha kwambiri kumutu. Nkhani imeneyi ndi yaikulu kuposa nsungu: kutenthedwa ndi kufunditsidwa kumutu ndi zina mwa zinthu zodziwika kuti zimawonjezera ngozi ya imfa yadzidzidzi ya makanda ali m'tulo. N'chifukwa chake ndimaona nsungu za thukuta ngati chenjezo lothandiza, lotiuza kuti mwanayu akugona motentha kwambiri. Agone chagada, pamalo osalala, nkhope ili poyera.

Zonsezi zili ndi malire ake. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5, amataya kutentha msanga, ndipo kuzizidwa kukhoza kumupha. Ameneyo ngati anamwino anena kuti akhale pachifuwa pa amayi ake khungu kukhudza khungu, atavala chipewa ndi sokosi, zitsatidwe choncho ngakhale tinsungu titatuluka. Chimodzimodzi khanda la masiku oyambirira: lisasiyidwe lamaliseche nthawi yaitali.

Kusambitsa, kuumitsa, ndi chipinda

Madzi osambitsira akhale ofunda pang'ono, oti mukaviika chigongono simukumva kutentha kapena kuzizira. Madzi ozizira kwambiri kapena a ayezi amanjenjemeretsa mwana ndipo sathandiza khungu. Mphindi 5 mpaka 10 zakwana. Kukatentha akhoza kusamba kawiri, koma sopo agwiritsidwe kamodzi kokha, wochepa, wosanunkhira, ndipo atsukuluzidwe bwino. Sopo wa mankhwala ndi mankhwala ophera tizilombo othira m'madzi amaumitsa ndi kuwotcha khungu lomwe lakwiya kale. Musakhule nsungu ndi chinkhupule, musazifinye.

Kuumitsa ndi pamene ambiri timafulumira. Musapukute mokhula, ingogundizani thaulo pang'onopang'ono. Kenako tsegulani mapindi onse. Mwana wonenepa amakhala ndi khosi lobisika, ndipo mukakweza chibwano mupeza mzere wonyowa momwe mwasonkhana thukuta, dovu ndi mkaka wobwerera, nthawi zina mukununkha chisasa. Umitsani mmenemo, m'khwapa, kuseri kwa makutu ndi m'mphechepeche. Mukatero mugonekeni pa chitenje choyera wopanda thewera kwa mphindi 10 kapena 15, inu muli pomwepo. Masana pakati pa kusamba, kansalu konyowetsa ndi madzi wamba koikidwa pamalo oyabwa kwa mphindi zochepa kamaziziritsa bwino, bola muumitsenso pambuyo pake. Zikhadabo ziwengedwe, chifukwa kukanda ndiko kumalowetsa tizilombo.

Pogona pamafunika kuyang'anitsitsa. Matiresi ambiri a ana ndi okutidwa ndi pulasitiki, ndipo enafe timayala pepala la pulasitiki pansi pa nsalu poopa mkodzo. Mwana wogona pamenepo amanyowa msana wonse. Yalani chitenje cha thonje kapena shiti yokoka bwino kuti isakwinyike. Mpando wa m'galimoto ndi ngolo yoyendetsera mwana nazonso ndi za nsalu zosatulutsa mpweya. Chizolowezi chophimba ngoloyo ndi bulangete pofuna mthunzi n'choopsa, chifukwa m'katimo mumatentha msanga ndipo mwanayo simukumuona.

Akatswiri a za kugona kwa makanda amati chipinda chabwino ndi cha madigiri 16 mpaka 20. Ndikudziwa kuti mu mkuku kapena m'chipinda cha malata nambala imeneyi siingatheke masana a chilimwe, choncho chofunika ndi kuchita zimene zili m'manja mwathu. Tsekani katani mbali imene dzuwa likuwomba, tsegulani khomo ndi windo kuti mpweya udutse. Kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko, mthunzi wa panja nthawi zambiri ndi wozizira kuposa m'nyumba, koma ukhale mthunzi weniweni, chifukwa dzuwa la pamtunda ngati pano limawotcha khungu, ndipo mwana wosakwana miyezi 6 sayenera kukhala padzuwa. Kuphika nyemba kwa maola ambiri, kuwiritsa madzi ndi kuyanika matewera m'chipinda momwemo kumadzaza chinyezi, ndipo thukuta siliuma mumpweya wachinyezi. Ngati n'kotheka, mwana atuluke nthawi yophika. Fani imathandiza, ikhale patali, izungulire kapena iloze kukhoma, osati kumaso kwa mwana, chingwe chake chili posafikira. Magetsi akathima, khomo lotsegula ndi kansalu konyowa zimagwira ntchito yomweyo. Mvula ya mabingu ya madzulo ikagwa kumazizira mwadzidzidzi, ndiye m'bandakucha mugwireninso pachifuwa, mwina afunika kansalu kopepuka.

Mwana wosakwana miyezi 6 safuna madzi akumwa ngakhale kutenthe bwanji. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira, amangofuna kuyamwa pafupipafupi. Wa mkaka wa m'chitini asasungunuliridwe ndi madzi opitirira muyezo. Wopitirira miyezi 6 akhoza kumwa madzi oyera pang'onopang'ono. Matewera onyowa 6 kapena kuposerapo pa tsiku lathunthu amasonyeza kuti madzi m'thupi alimo okwanira. Poyamwitsa kukutentha, ikani kansalu ka thonje pakati pa mkono wanu ndi mutu wa mwana, poti tsaya ndi khutu zimene zimagona pamkono zimachita nsungu kawirikawiri.

Zopaka

Kudzoza mwana ndi mwambo wathu, ndipo uli ndi chifukwa chake. Mpweya wouma wa Juni ndi Julayi kuno umang'amba khungu, ndipo vaselini amateteza. Komanso kumatako, pamene mkodzo umawotcha, mafuta oteteza ndi ofunika chaka chonse. Vuto ndi kupitiriza kadzozedwe ka m'nyengo yozizira mpaka m'chilimwe. Vaselini, gilisalini ndi mafuta a ana olemera amamata pakamwa pa tinjira ta thukuta tija. Pamalo pamene pali nsungu pasapakidwe. Ngati miyendo ndi manja zatuwa, mafuta opepuka osanunkhira apakidwe kumeneko kokha, mochepa.

Paudala sindimulimbikitsa. Amaoneka ngati akuumitsa, koma akasakanikirana ndi thukuta m'mapindi a khosi amaumbika n'kukhala phala lomata. Choopsa kwambiri n'chakuti fumbi lake limalowa m'mapapo a khanda likamapuma. Kalamaini, mankhwala amadzi aja otuwa mofiirira, amachepetsa kuyabwa pa ana okulirapo, koma amaumitsa khungu, ndiye pa khanda funsani kaye anamwino kapena wa ku famase, ndipo asafike pafupi ndi maso ndi pakamwa. Nsungu zikakwiya kwambiri, dokotala akhoza kulemba haidirokotizoni wofooka, wa 1 peresenti, wopaka mopyapyala kwa masiku ochepa. Chimenecho ndi chiganizo cha amene wamuona mwanayo.

Machubu ogulitsidwa m'misewu ndi m'timashopu ta zodzoladzola, aja ena amayeretsera khungu, nthawi zambiri amakhala ndi betametazoni kapena kilobetazolo. Awa ndi mankhwala amphamvu zedi. N'zoona kuti amaphwetsa nsungu msanga, ndipo n'chifukwa chake anthu amawakhulupirira. Koma khungu la khanda ndi lopyapyala, limamwa mankhwalawo n'kuwalowetsa m'magazi, makamaka m'mapindi ndi pansi pa thewera. Amapyapyalitsa khungu, kusiya mawanga oyera, kubisa matenda a mafangasi pamene akukula, ndipo akapakidwa nthawi yaitali amasokoneza thupi lonse la mwana. Mankhwala akumwa oletsa kuyabwa, aja ogonetsa tulo, nawonso asapatsidwe kwa khanda popanda dokotala. Ena mwa iwo ndi oletsedwa kwa ana osakwana zaka ziwiri chifukwa amafooketsa kupuma.

Pamene si nsungu za thukuta

Mwana wa nsungu za thukuta amakhala wovuta koma si wodwala. Amayamwa, amasewera akazizidwa bwino, thupi silitentha. Zikasiyana ndi zimenezi, ganizirani zina.

Mphere ndi zimene zimasokonezedwa nazo kwambiri m'nyumba zothithikana. Zimayabwa koopsa usiku, ena m'nyumbamo amakhala akukandanso pakati pa zala ndi m'chiuno, ndipo pa makanda zimatuluka ngakhale m'zikhatho ndi kumapazi, kumene nsungu za thukuta sizikonda. Sizitha ndi kuziziritsa, zimafuna mankhwala a banja lonse nthawi imodzi. Nsikidzi zimasiya totupa tokulirapo, totsatana pamzere, pamalo osafundidwa. Chikanga chimakhala chouma, chamamba, chokonda masaya, chimatenga masabata n'kumabwererabwerera, ndipo icho ndiye chimafuna mafuta ambiri. Apa n'pofunika kusamala, chifukwa kumana mafuta mwana wa chikanga kumawonjezera vuto lake. M'mapindi mukakhala monyezimira, mosupuka, muli timadontho tofalikira m'mbali, kawirikawiri ndi mafangasi, ndipo ku kiliniki amapereka mafuta ake.

Chikuku chimayamba ndi kutentha thupi, chifuwa, chimfine ndi maso ofiira, ndipo patapita masiku atatu kapena anayi zidzolo zimayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu n'kutsikira m'thupi. Apa pali mfundo yofunika kwa ife oyenda pakati pa maiko awiri. Ku South Africa katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 6 ndi 12, pamene ku Malawi amaperekedwa pa miyezi 9 ndi 15. Mwana wosamuka pakati pa miyezi imeneyi akhoza kuphonya mosadziwa. Tengani buku lake la sikelo, kaya ndi la kwathu kaya la kuno, anamwino aone.

Nsungu za thukuta nazonso zikhoza kulowedwa ndi tizilombo mwana akamakanda. Mudzaona mafinya enieni, nkhanambo zachikasu, malo otupa, otentha ndi opweteka pokhudza, kapena timabulu m'khosi ndi m'khwapa. Pamenepo pafunika mankhwala a kuchipatala. Pitaninso ngati mwaziziritsa mwana bwinobwino kwa masiku atatu kapena anayi koma palibe kusintha. Khanda losakwana mwezi likatuluka matuza kapena tinsungu ta mafinya, lionedwe tsiku lomwelo, chifukwa pa msinkhu umenewu matenda a pakhungu amalowa m'magazi msanga ndipo maso a kunyumba sangasiyanitse.

Zina sizidikira kuti kuche. Mwana wosakwana miyezi itatu thupi likatentha kufika madigiri 38 ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, nsungu zikhalepo kapena ayi. Chipangizo choyezera kutentha n'chotsika mtengo ku famase, ndipo n'chofunika kukhala nacho m'nyumba. Chimodzimodzi mwana wa msinkhu uliwonse amene akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, akupuma mothamanga kapena movutika, walefuka moti sakudzuka bwino, liwombo lalowa m'kati kapena latupa, kapena watha maola ambiri thewera lili louma. Madontho ofiira kapena akuda a pansi pa khungu, osakakala, amene sazilala mukawadinikiza ndi mbali ya tambula yagalasi, ndi chizindikiro choopsa cha matenda a m'magazi kapena oumitsa khosi. Pa khungu lakuda muwafunefune m'zikhatho, kumapazi, m'kati mwa zikope ndi m'kamwa. Ambulansi imaitanidwa pa 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja.

Juni ndi Disembala

Nsunguzi zimatulukanso m'nyengo yozizira, ndipo ambiri sazizindikira poti kunja kuli chisanu. Hita yoyaka usiku wonse, mabulangete awiri, zovala zaubweya, mwana ali pakati pa makolo awiri: pansi pa zofundazo ndi Novembala. Zimatulukanso mwana akachira malungo kapena chimfine, thupi litatuluka thukuta lambiri ali wokutidwa. Machiritso ndi omwewo.

Ulendo wa Disembala wopita kumudzi ndi umene umavutitsa ana kwambiri. Basi imanyamuka ku Park Station kapena m'marenki a m'tauni, mwana atavekedwa za nyengo ya pamtunda, koma pofika ku Musina ndi Beitbridge yatsikira kumalo otsika ndi otentha, ndipo pachipata mukhoza kuima maola ambiri. Kutsogolo kuli Tete, m'chigwa cha Zambezi, amodzi mwa malo otentha kwambiri panjira yonseyo, musanakwere kupita ku Mwanza kapena ku Dedza. Mavesiti a thonje, matewera okwanira, chitenje chapadera, kansalu ndi botolo la madzi opukutira zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi amene simungamufikire. Basi ikaima, tsitsani mwana kumsana, mupite naye pamthunzi, mupukuteni m'khosi ndi m'mphechepeche, mumusinthe vesiti. Pamzere wa pasipoti musinthane ndi abambo ake kapena mnzanu wa paulendo kuti asakhale pathupi la munthu mmodzi nthawi yonse, ndipo ayamwe nthawi iliyonse imene wafuna. Mukafika kumudzi agone m'neti usiku uliwonse ngakhale kukutentha, atavala zopepuka. Ndipo thupi likatentha ali kumeneko, kapena m'masabata otsatira mutabwerera ku Joni, musaganize za thukuta: auzeni anamwino kuti mwanayo anali ku Malawi, ayezedwe malungo tsiku lomwelo.